Tsitsi la m'mphepete likutha ndi maluko

"Ndimalukitsa ku Kamwala masabata atatu alionse. Tsitsi la pachipumi likubwerera m'mbuyo, ndipo pamatuluka tiziphuphu. Nditani?"

Amayi, masulani lero lomwe. Tiziphuphuto, kuwawa usiku woyamba, ndi khungu lotukuka ngati tenti pansi pa luko, zonse zikusonyeza kuti mizu ikukokedwa mopitirira. Tsitsi la m'mphepete ndi lopyapyala, silipirira kulemera kwa wulu kapena weavu yosokeredwa. Likakhala lothiridwanso mankhwala owongola, ndiye limathothoka msanga.

Imani pagalasi pamalo owala, muyang'anitsitse podazipo. Ngati mukuona timabowo ta mizu ndi titsitsi tating'ono tofewa, mizu ikadali moyo. Lipumitseni miyezi itatu, koma dziwani kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho musayembekeze zodabwitsa. Jambulani chithunzi mwezi uliwonse, mbali yomweyomweyo. Pakakhala posalala ndi ponyezimira, popanda timabowo, pamenepo ndi chipsera, ndipo mafuta a nsatsi sangameretse kanthu. Pitani kwa dokotala wa khungu, monga a ku chipatala cha UTH ku Lusaka. Iyeyo ndiye angaone ngati mankhwala omeretsa tsitsi otchedwa minokisidilo angathandize, koma amenewa si a amayi oyembekezera.

Mukadzayambanso kuluka, muuze wolukayo asiye kamzere ka kutsogolo osakagwira, aluke zikuluzikulu zopepuka, zosafika m'chiuno. Akati "zimasuka pakapita masiku awiri", musavomere, amasule pomwepo. Zisapitirire masabata asanu ndi limodzi. Wigi ya guluu yobisira dazi nayonso imazula totsalato, ndipo duku musamalimange pamzere womwewo.