Inki ya makala yatha: ndipitirize ndi yakuda yokha?

Funso: Ndili ndi kashopu kopulinta makalata pa Dedza boma. Pulinta yanga ndi Canon PIXMA MG2540S ndipo katiriji ya makala yatha, koma makasitomala ambiri amangofuna zakuda. Ndikapitiriza choncho, sindiononga makina? Mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, pa pulinta yanuyo musade nkhawa. Imagwiritsa ntchito makatiriji awiri, PG-445 yakuda ndi CL-446 ya makala, ndipo timabowo totulutsa inki tili pa katiriji pomwepo. Tikauma kapena kupsa, chomwe chawonongeka ndi katiriji yomwe inatha kaleyo. Mukadzagula ina, mudzapezanso timabowo tatsopano.

Pa kompyuta tsegulani Printing preferences, mupite pa Maintenance, kenako Ink Cartridge Settings, musankhe Black Only. Pepala likhale pa Plain Paper, chifukwa mukasankha la zithunzi makina amafunabe makala. Katiriji yothayo musaichotse, Canon sigwira ntchito malo amodzi ali opanda kanthu. Ikamaphethira nyali n'kukana, dinikizani batani la Stop kwa masekondi osachepera 5. Kungochonga Grayscale sikokwanira, poti mapulinta ambiri amapanga mtundu wotuwa posakaniza makala. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti makala atha bwanji pamene iwo ankangopulinta zakuda.

Koma ngati mumadzaza nokha katiriji ya makalayo ndi jakisoni, monga ambiri amachitira, nkhani yasintha. Idzazeni msanga isanaumiretu. Timabowo ta Canon timatulutsa inki potenthetsa, ndipo inkiyo ndi yomwe imatiziziritsa. Tikagwira ntchito touma timapsa, ndiye ngakhale mudzaze bwanji sidzalembanso.

Pomwe sindilola n'komwe ndi pa mapulinta a matanki, monga Epson L3110. Kumeneko mutu wopulintira, womwe uli ndi timabowo tija, ndi wa makina enieniwo, ndipo podziyeretsa umakoka inki yamitundu yonse inayi ngakhale inu mukupulinta zakuda zokha. Thanki imodzi ikatsika kupitirira kamzere ka m'munsi, mpweya umalowa m'timapaipi, inki yotsalira n'kuumira m'mutu. Mudzazindikira mukadzathira inki ina: tsamba loyesera la Nozzle Check lidzatuluka ndi mizere yodukaduka, kapena mtundu umodzi osaoneka n'komwe. Kuyeretsa mobwerezabwereza kumadya inki yambiri, ndipo mutu ukakanika, kugula wina ndi kulipira wokonza zimaposa kutali mtengo wa botolo lomwe munkalizembalo.

Pa nkhani ya ndalama, ine ndikuona kuti pulinta yanuyo sikukuyenerani ngati ntchito yambiri ndi makalata ofunsira ntchito ndi mafomu. Katiriji yaing'onoyi sichedwa kutha. Gawani mtengo wake ndi masamba omwe imakupatsani, muwonjezere mtengo wa pepala, muyerekeze ndi zomwe mumalipiritsa pa tsamba. Phindu likachepa, yambani kusunga ya pulinta ya leza yakuda yokha. Tona wake ndi waufa, sauma, ndipo Canon muzingoitsegulira ofuna makala.