Ntchito ya mashifiti ndi ma ARV: mukaiwala kumwa muzitani?

"Ndili pa TLD ndipo ndakhala ndikumwa 8 koloko usiku. Panopa ndapeza ntchito ya ulonda kutali ndi chipatala changa. Sabata ina ndimagwira masana, ina usiku, ndipo nthawi zina amatituma kuperekeza katundu ulendo wa masiku angapo. Lachiwiri lapitali ndinaiwala kumwa, ndinakumbuka 6 koloko m'mawa, ndiye ndinangosiya mpaka usiku. Kodi ndawononga? Zikachitikanso ndizimwa awiri?"

Achimwene, mtima m'malo, simunawononge. Kudumphitsa tsiku limodzi kwa munthu amene wakhala akumwa bwino sikugwetsa TLD, ma ARV a piritsi limodzi amene mukumwawo. Koma m'mawa umenewo mukanamwa ndithu, ndipo awiri pakamodzi musadzamwe.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi loyang'ana theka la nthawi. Mankhwala anu ndi a kamodzi pa tsiku, kutanthauza maola 24, theka lake ndi maola 12. Mukakumbukira maola 12 asanakwane, imwani pompopompo, kenako mudzamwenso nthawi yanu ya masiku onse ngati kuti palibe chachitika. Kuyambira 8 koloko usiku kufika 6 koloko m'mawa ndi maola 10, choncho munali mkati. Mukanamwa 6 koloko m'mawamo, n'kudzamwanso 8 koloko usiku wa Lachitatu lomwelo. Anthu ambiri amaopa pamenepa, amati ndamwa kawiri tsiku limodzi. Ayi, wam'mawawo ndi wa dzulo umene unachedwa, wausikuwo ndiye wa lero, ndipo pakati pake pali maola 14. Mukanakumbukira 5 koloko madzulo, maola 21 atadutsa, mukanangodikira 8 koloko n'kumwa piritsi limodzi. Malangizo a mankhwala ena amalola kumwa ngakhale maola 12 atapitirira, bola nthawi yotsatira isanayandikire kwenikweni, ndiye ngati a kuchipatala kwanu anakuuzani malire ena, tsatirani awowo. Pomwe onse amagwirizana ndi apa: musaphatikize awiri kuti mubweze ngongole. Wachiwiriyo sabwezera maola amene adutsa kale, amangowonjezera nseru, mutu ndi kusowa tulo.

Chifukwa chake chili m'kati mwa piritsilo. TLD ndi mankhwala atatu: tenofoviya wa mamiligalamu 300, lamivudini wa 300, ndi dolutegiraviya wa 50. Dolutegiraviya amachepa ndi theka m'magazi pakatha maola pafupifupi 14, ndipo ikamakwana nthawi yomwa wina amakhala akadali wokwanira kupondereza kachilombo. Awiri enawo amakhalitsa m'kati mwa maselo kuposa m'magazi. Kachilombo nako kamavutika kuti kazolowere dolutegiraviya, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linamuikira patsogolo mu 2019 kukhala woyambira. N'chifukwa chake kuchedwa ola limodzi kapena awiri si nkhani yotaya nayo tulo. Chimene chimapweteka ndi kudumphadumpha sabata ndi sabata, kapena kukhala masiku ambiri osamwa. Munthu akasiya, kachilombo kamayamba kuonekanso m'magazi kawirikawiri pakangotha masabata ochepa, iye asakumva chilichonse m'thupi.

Tsopano vuto lenileni si Lachiwiri lija, koma 8 kolokoyo. Nthawi imeneyi munaisankha muli ndi moyo wina, pomwe ikamakwana munkakhala muli pakhomo, botolo lili pafupi. Lero sabata ya usiku 8 koloko imakupezani pageti, mwina mnzanu ali pambali, botolo lili kunyumba. Alamu ikhoza kulira, inu n'kuizimitsa kuti ndimwa kanthawi kena, basi kwatha.

Tinene kuti mashifiti anu amasinthana 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Pa tsiku pali nthawi ziwiri zimene mumakhala maso komanso kufupi ndi nyumba, kaya ndi sabata iti: chakumadzulo ndi chakum'mawa, posinthana. Ine ndikanasankha madzulo, chifukwa ndi pafupi ndi zomwe thupi ndi mutu wanu zinazolowera. Sabata ya usiku imwani 5 koloko musanatuluke, pamene mukuvala yunifolomu. Sabata ya masana imwani 7 koloko mukangolowa m'nyumba, musanavule n'komwe nsapato. Kusiyana kwa maola awiriwo TLD amakupirira bwinobwino, ndipo mwaona kuti botolo silikuchoka kunyumba, palibe wa kuntchito amene akuonani mukumwa. Chakudya sichikumangani, TLD amamweka mutadya ngakhale musanadye.

Alipo ena amene dolutegiraviya amawasowetsa tulo akamwa kufupi ndi nthawi yogona. Ngati ndinu mmodzi wa iwo n'kufuna kusamukira m'mawa, samukani pofupikitsa, osati potalikitsa. Mwamwa 8 koloko usiku lero, imwani mawa 7 koloko m'mawa, papita maola 11, ndipo kuyambira pamenepo m'mawa basi. Mukati mudumphe kuti muyambe mkucha, ndiye kuti mwakhala maola 35 opanda mankhwala popanda chifukwa. Mukapita kukatenga ena mukawauze kuti mwasintha. Kwa owerenga ena amene akadali pa mankhwala okhala ndi efavirenzi, malangizo awa si anu ndendende. Amene aja amachititsa chizungulire ndi maloto, n'chifukwa chake amamwedwa pogona, ndipo mlonda kapena dalaivala wausiku ayenera kukambirana ndi a chipatala asanasunthe nthawi.

Za ulendo. Chizolowezi chimene chimapulumutsa anthu ndi kuwerenga mapiritsi tsiku lonyamuka lisanafike, osati m'mawa wake. Akakuuzani kuti ulendo ndi wa masiku anayi, nyamulani a sabata yathunthu kapena kuposa, chifukwa galimoto imawonongeka, pamalire pamachedwa, bwana amasintha maganizo. Mankhwala akhale pathupi panu kapena m'kachikwama kosachoka m'manja, osati m'katundu woponya kumbuyo. Amafunika malo ouma osapitirira madigiri 30, choncho kutsogolo kwa galimoto pomwe dzuwa limawomba pagalasi si malo ake. M'botolo muja mumakhala kapaketi kapena kachubu kosadyedwa, anthu ena amakataya poganiza kuti n'kopanda ntchito. Kamayamwa chinyezi, ndipo tenofoviya sagwirizana ndi chinyezi. Ulendo ukakhala wautali tengani botolo lenilenilo ndi kapaketi kake. Ngati kulira kwa mapiritsi m'chikwama kukukuchititsani manyazi, ikani thonje loyera pamwamba, amakhala chete. A masiku ochepa mukhoza kuika m'kabotolo kouma kotseka bwino, koma osati m'pepala kapena m'thumba la malaya momwe thukuta limafika. Jambulaninso pafoni tsamba la khadi lanu la kuchipatala losonyeza mtundu wa mankhwala ndi nambala yanu.

Paulendo pamakhala zinthu ziwiri zimene zimaba mankhwala munthu atamwa kale. Choyamba ndi kusanza. Mukasanza lisanathe ola chimwereni, makamaka mukaona piritsi m'masanzimo, imwani lina mtima ukakhazikika. Ola likadutsa musabwereze, alowa kale. Chachiwiri ndi mankhwala a kutentha pamtima, aja otafuna kapena amadzi oyera okhala ndi maginiziyamu ndi aluminiyamu, amene anthu amagula m'njira akadya mosinthasintha. Amenewa amagwira dolutegiraviya m'mimba momwemo, osalowa bwino m'magazi. Imwani TLD maola awiri musanamwe amenewo, kapena dikirani maola 6 mutawamwa. Mapiritsi owonjezera magazi a ayironi ndi a kashiyamu amachitanso chimodzimodzi, kupatula ngati mwawamwera limodzi ndi chakudya. Ndipo amene ali pa mankhwala a TB okhala ndi rifampisini amapatsidwa kapiritsi kowonjezera ka dolutegiraviya ka mamiligalamu 50 komwa patapita maola 12. Kameneka ndi kamene kamaiwalika kwambiri polongeza.

Koma chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu aja akuti kutali ndi chipatala changa. Anthu osintha ntchito sagwa chifukwa choiwala usiku umodzi. Amagwa botolo likatha mwezi woyamba, tsiku lokatenga lagwera pa shifiti, munthu akuopa kupempha tchuthi kwa bwana watsopano, ndalama yoyendera malipiro asanatuluke palibe. Amati ndipita sabata yamawa, sabata n'kukhala mwezi. Werengani lero mapiritsi amene mwatsala nawo, mudziwe tsiku lenileni limene athere, ndipo mupite kudakali masabata awiri. Simukakamizidwa kuuza bwana matenda anu, kunena kuti muli ndi tsiku la kuchipatala n'kokwanira.

Mukafika kumeneko pemphani chimodzi mwa ziwiri. Ngati kachilombo kali kochepa m'magazi ndipo mulibe vuto lina, zipatala zambiri zimapereka mankhwala a miyezi itatu mpaka 6 pakamodzi. Ngati ntchitoyi ndi yokhalitsa, tengani kalata ya transifa mukalembetse pafupi ndi kumene muli. M'kalatamo mumakhala tsiku lomwe munayamba, mankhwala amene munamwapo ndi zotsatira za magazi. Pali ena amene amapita ku chipatala chatsopano n'kudzionetsa ngati akuyezetsa koyamba kuopa kukalipiridwa. Njira imeneyo imataya mbiri yonse, ndipo munthu amene anasinthidwa mankhwala pa chifukwa china akhoza kubwezeredwa omwe aja anamukana.

Akakutherani muli m'njira, lowani chipatala chilichonse chopereka ma ARV, onetsani khadi, chithunzi chake kapena botolo lopanda kanthulo, mufotokoze kuti ndinu wapaulendo. Nthawi zambiri amakupatsani okufikitsani kwanu. Musadule piritsi pakati kapena kumwa modumphitsa tsiku kuti akhalitse, chifukwa mankhwala ochepa m'magazi ndi amene amapatsa kachilombo mpata wochulukana n'kuwazolowera. Kwa amene alinso ndi hepataitisi B pali choopsa china: tenofoviya ndi lamivudini amaponderezanso kachilombo ka chiwindi kameneka, ndipo kusiya mwadzidzidzi kukhoza kutupitsa chiwindi. Maso achikasu kapena mkodzo wakuda mutasiya kumwa ndi zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Mudzadziwa bwanji ngati kusokonekera kwa masiku ano kwasiya vuto? Osati ndi mmene mukumvera m'thupi. Choyezera chake ndi vayirolodi, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Ikapitirira 1,000 a chipatala amakhala nanu pansi kuona chimene chikukudumphitsani, n'kuyezanso pakatha miyezi itatu mukumwa bwino, ndipo ambiri pa TLD imatsikanso osasintha mankhwala. Tsiku limodzi lanu lija silifuna kuyezetsa kwapadera, ingolitchulani akakufunsani masiku amene munaphonya. Mukadzaphonya masiku angapo otsatizana, yambiraninso piritsi limodzi pa tsiku mukangowapeza, uzani a chipatala masiku enieni, ndipo gwiritsani ntchito kondomu kufikira vayirolodi itasonyeza kuti kachilombo katsikanso.