Galimoto ndili nayo, puloti ndili nayo, nanga ndalama sizioneka bwanji?

"Malipiro anga si oipa, ndili ndi galimoto ndi puloti, koma mwezi usanathe ndimakhala ndayamba kale kubwereka. Kodi ndingadziwe bwanji ngati ndikupita patsogolo kapena ndikungodzinamiza?"

Achimwene, tengani pepala mulembe mzere pakati. Kumanzere lembani zonse zimene muli nazo zoti zingagulitsidwe, kumanja ngongole zonse. Mukachotsa za kumanja pa za kumanzere, chotsalacho ndiye chuma chanu chenicheni. Malipiro salowamo ayi, chifukwa amenewo ndi madzi odutsa. Ife tikuyeza amene atsala mumtsuko.

Pamene ambiri amadzinamiza ndi pa mitengo. Chinthu chilichonse mulembe mtengo umene munthu angakupatseni lero, osati umene munagulira. Ngongole nayo mufunse kumene munakongola kuti mutafuna kuitseka lero mungalipire zingati.

Tiyerekeze ndi manambala wamba. Galimoto munagula 12,000, koma lero ingapite pa 7,000. Puloti ndi 10,000, kubanki kuli 500, katundu wa m'nyumba woti angagulidwedi 1,000. Zonse pamodzi 18,500. Pali 1,500 imene munabwereka mnzanu kalekale ndipo foni yanu anasiya kuyankha. Imeneyo musailembe, mudzailemba tsiku limene idzabwere. Kumanja, ngongole ya galimoto yatsala 8,000, ya kuntchito 1,200, ya katapila 800. Zonse 10,000. Chuma chanu ndi 8,500.

Nambala imeneyi ikuoneka yabwino, koma phimbani puloti ndi chala muwerengenso. Mutsala ndi 8,500 kumanzere ndi 10,000 kumanja, kutanthauza kuti mwaperewera 1,500. Ndiye kuti chuma chanu chonse chagona pa chinthu chimodzi chimene simungachigulitse mawa m'mawa mwana atadwala, ndipo ngati mapepala ake sali m'dzina lanu, ngakhale 10,000 ija ndi yokayikitsa. Galimoto imene anthu amakupatsirani ulemu ija, mutaigulitsa lero ngongole yake siingathe, mungatsalebe ndi 1,000 yoti mulipire mukuyenda wapansi. Ndipo ngongole zofuna kubweza msanga ndi 2,000 pamene m'manja muli 500 yokha. Kubwereka kwa pakati pa mwezi kukuchokera pamenepo.

Kuwerenga kamodzi kumangokuuzani pamene mwaima. Kuti mudziwe kumene mukulowera, bwerezani pakatha miyezi 6, osasintha kawerengedwe. Ngati galimoto yatsika mtengo ndi 600 pamene ngongole yake yatsika ndi 400 yokha (gawo lina la zimene mumalipira limathera ku chiwongola dzanja), pa galimotoyo mwabwerera m'mbuyo ndi 200 ngakhale simunaphonye mwezi ndi umodzi womwe.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi kutseka 800 ya katapila ija, chifukwa pa ngongole zitatuzo ndi imene ikukula msanga.