Keto ndi mapilisi a shuga, samalani

"Abale ndili ndi shuga koma ndikufuna kuyamba keto mimbayi iphweko, akuti sabata imodzi yokha makilo amatsika. Alipo anayesapo?"

Asisi imani kaye, keto ndi kadyedwe kosiya zakudya zokhutitsa ngati nsima n'kumadalira zamafuta, nde mapilisi mukumwawo ndi ati? Ngati ndi gilibenikilamaidi kapena mumabaya insulini musayerekeze kusiya nsima panokha. Ine anandipweteketsa ndi kochi wina wa pa Watsapu, ndalama analandira, kunditumizira ndandanda ya mazira, mapeyala, nyama, chambo ndi masamba, ati nsima, mpunga, mbatata, buledi ngakhale nthochi ayi, sitachi ndi shuga wa m'zakudya zonse asapyole magalamu 50 patsiku pamene mitanda iwiri ya nsima yadutsa kale pamenepo. Za mankhwala sanafunse olo kamodzi.

Sabata yoyamba sikelo inatsikadi, koma ambiri amakhala madzi chabe, shuga amene thupi limasunga m'chiwindi ndi m'minofu amagwira madzi, akatha madziwo mumangokodza limodzi ndi mchere. Nde mutu kuwawa, miyendo kukokana usiku, kuchimbudzi osapita, m'kamwa kumanunkha ngati mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo aja. Fungo limenelo ndi maketoni, chiwindi chayamba kuphwanya mafuta. Ndikamudandaulira kochi uja ankangoti limbani mayi, ndi thupi likuzolowera.

Tsiku lake ndinali mu minibasi kuchokera ku 25 kupita m'tauni, m'mimba muli mazira awiri ndi pilisi langa la shuga. Tikuyandikira ku depoti thukuta lozizira linangoti chuu, manja kunjenjemera ndalama ya kondakitala mpaka kugwa pansi, mtima thi thi thi, ndikufuna kunena kuti ndithandizeni lilime lalemera. Bambo wina kumbuyo nkumati amayiwa aledzera m'mawa uno. Anandipulumutsa ndi mayi wogulitsa mandasi amene anandimwetsa Fanta ndili tsonga pa bondo lake. Kuchipatala kamakina koyezera shuga kanawerenga 54 nditamwa kale Fantayo, pamene pansi pa 70 ndi potsika kale. Adokotala anati pilisi lija limakakamiza thupi kutulutsa insulini kaya mwadya nsima kaya ayi, nde shuga amangogwa. Kochi uja nditamulembera anandibuloka, mpaka pano akutsatsabe zithunzi za anthu oonda pa sitetasi, wakuba ameneyo.

Komabe sindinama, shuga wanga anayamba kukhala bwino nditachepetsa nsima, panopa ndimadya mtanda umodzi wa mgaiwa ndiwo zambiri, tiyi wopanda shuga, ndipo mankhwala anandichepetsera. Nde yesani ndithu, bola mupite kaye kukiliniki akasinthe mulingo wa mapilisi, mugule kamakina muziyeza m'mawa ndi musanagone, maswiti asamachoke m'chikwama. Pakapita miyezi itatu mukayezetse kolesitelo chifukwa batala ndi nyama yonona ija imamukweza kwa ena. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena impso zimavuta, zisiyeni.