Msonkho wa pogula waposa wa pogulitsa: kodi adzandibwezera?

"Ndili ndi kakampani kopanga mipando ndi matebulo, ndipo tidalembetsa VAT chaka chatha. Katundu wina timagulitsa konkuno, wina timatumiza kunja. Mwezi uno tagulanso makina odulira matabwa, ndiye wowerengera ndalama wathu akuti a misonkho ndiwo ali nafe ngongole. Zoona zimenezi? Nanga ndalamayo imabwera bwanji?"

Mayi, wowerengera ndalama wanuyo sakunama. Koma ndalama yomwe ikuoneka pa pepala lake si yomwe idzalowe ku banki ngati zikalata zanu sizili bwino, ndiye tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono.

Munthu akalembetsa VAT amakhala ngati wotolera msonkho m'malo mwa boma. Mukagulitsa tebulo, mumaonjezera msonkho pa mtengo wake, kasitomala n'kukupatsani. Umenewo ndi msonkho wa pogulitsa, ndipo ndalamayo si yanu ngakhale ili m'akaunti yanu. Mukagula matabwa, guluu kapena vanishi kwa wogulitsa amene nayenso adalembetsa, inu ndiye mumalipira msonkho. Umenewo ndi msonkho wa pogula. Pa fomu ya Chingerezi mizere iwiriyi mudzaiona yalembedwa kuti Output tax ndi Input tax. Nyengo yolembera fomu ikakwana, kaya ndi mwezi umodzi, iwiri kapena itatu malinga ndi lamulo la dziko lanu, mumachotsa wa pogula pa wa pogulitsa. Wa pogulitsa ukachuluka, chotsalacho mumapereka. Wa pogula ukachuluka, ndiye zanuzi.

Ndiike manambala kuti tione bwino. Nditenga mlingo wa 15 pa 100, womwe ku South Africa akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 2018. Ku Kenya ndi 16, ku Britain ndi 20, choncho inu muikepo wa kwanu, kawerengedwe kake n'kamodzi.

Tinene kuti mwezi uno mwagulitsa mipando ya 4,000,000 kwa makasitomala a m'dziko momwemo. Msonkho wa pogulitsa ndi 600,000. Mwatumizanso kunja katundu wa 6,000,000, ndipo pamenepo mlingo ndi ziro, simunatolere kanthu. Kumbali yogula, matabwa, guluu ndi vanishi zatenga 5,000,000, msonkho wake 750,000. Makina aja ndi 3,000,000, msonkho wake 450,000. Magetsi ndi zina zing'onozing'ono za pamalo ogwirira ntchito ndi 400,000, msonkho wake 60,000. Wonse wa pogula wakwana 1,260,000. Mukachotsapo 600,000 uja, patsala 660,000. Imeneyo ndiyo ngongole akunenayo. Malipiro a antchito musawaikemo, chifukwa pa malipiro palibe VAT.

Mungafunse kuti bwanji boma likubweza chonsecho pa katundu wa kunja uja silinapezepo kanthu. Nkhani yagona pa kusiyana kwa katundu wa mlingo wa ziro ndi katundu wosakhudzidwa ndi VAT. Kwa wogula ziwirizi zimaoneka zofanana, poti ponseponse salipira msonkho, koma kwa wogulitsa n'zosiyana kwambiri. Katundu wa ziro ali mkati mwa dongosolo la VAT, kungoti mlingo wake ndi ziro, choncho msonkho wonse womwe mudalipira pomupanga muli ndi ufulu woti akubwezereni. VAT idapangidwa kuti izilipiridwa komwe katundu akukagwiritsidwa ntchito. Tebulo lanu likawoloka malire liyenera kuchoka lopanda msonkho wa kwanu, likakhometsedwe komwe likupitako. Pomwe katundu kapena ntchito zosakhudzidwa ndi VAT, monga lendi ya nyumba yogonamo, ngongole za ku banki, ndi m'mayiko ambiri maphunziro ndi chithandizo cha kuchipatala, zili kunja kwa dongosololi. Wogulitsa zimenezi satolera, komanso sabwezeredwa. Msonkho womwe walipira pogula zipangizo umangosanduka mbali ya ndalama zomwe waononga. Ndaonapo anthu ambiri akudikira ndalama yomwe sidzabwera chifukwa chosokoneza ziwirizi. Inu muli mbali yabwino, chifukwa katundu wotumiza kunja pafupifupi kulikonse ndi wa ziro.

Tsopano pomwe 660,000 uja amayamba kuchepa. A misonkho akalandira pempho lobweza ndalama, makamaka loyamba, nthawi zambiri amafuna kuona mapepala asanatulutse kanthu. Choyamba amatsegula fayilo ya ma invoisi a zogula. Invoisi yovomerezeka iyenera kuonetsa dzina ndi nambala ya VAT ya wogulitsa, nambala ya invoisiyo, tsiku, katundu wake, mtengo wopanda msonkho, ndi msonkho wolembedwa pawokha. Pa zogula zikuluzikulu pamafunikanso dzina la kampani yanu ngati wogula. Tinene kuti mwa matabwa aja, a 1,000,000 mudagula kwa munthu amene adangokulemberani kapepala ka pamanja kuti "zonse 1,150,000 ndi VAT yomwe", popanda nambala yake. Mukafufuza mupeza kuti sadalembetse n'komwe. Ndiye 150,000 imene mudampatsayo sidafike ku boma, ndipo boma silingabweze chomwe mwalamulo sichidali msonkho. Pempho lanu latsika kufika pa 510,000. Zimapweteka, chifukwa ndalamayo mudaitulutsadi, koma woti mumuthamangire ndi wogulitsayo. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti nambala ya wogulitsa watsopano muziitsimikizira musanalipire. Mabungwe ambiri a misonkho ali ndi njira yoonera zimenezi pa intaneti, ndipo m'mayiko omwe ma invoisi amadutsa pa makina olumikizidwa ndi bungwe la misonkho, invoisi yomwe wogulitsa sadaitumize kumeneko imakanidwa ngakhale ikuoneka yabwino m'manja mwanu.

Onaninso dzina lomwe lili pa invoisi ya makina aja. Ngati mudagula m'dzina lanu inuyo pomwe yolembetsa VAT ndi kampani, 450,000 yonse ili pachiopsezo. Bwererani kwa wogulitsayo akonze lero lomwe, musadikire kuti a misonkho adzayendere mabuku. Ngati makinawo adachokera kunja, umboni wake si invoisi ya wogulitsa wakunjayo, koma chikalata cha pa kasitomu choonetsa kuti VAT idalipiridwa polowetsa, ndipo chiyenera kukhala m'dzina la kampani yanu, osati la wokuthandizani kuombola katundu.

Chachiwiri, chomwe anthu otumiza katundu kunja amagwa nacho kwambiri, ndi umboni woti katundu adatulukadi. Kulemba ziro pa invoisi sikokwanira. Amafuna chikalata cha pa kasitomu chotulutsira katundu, mapepala a wonyamula katunduyo, ndiponso umboni wa ku banki woti wogula wakunjayo adalipira. Zitatuzi zizigwirizana: ngati invoisi ikuti matebulo 40, chikalata cha pa malire chisanene 35. Tinene kuti mwa 6,000,000 uja, ulendo umodzi wa 2,300,000 wogula adadzatenga yekha ndi lole yake, n'kulonjeza kuti mapepala a pa malire atumiza, koma mpaka pano zii. Kwa a misonkho katundu ameneyo wagulitsidwa m'dziko momwemo. Kawirikawiri amatenga ndalama yomwe mudalandirayo ngati ili kale ndi msonkho mkati, ndiye amawerengera 15 pa 115 iliyonse. Pa 2,300,000 zimenezi zikupereka 300,000 ya msonkho wa pogulitsa womwe simudatolere kwa aliyense. Pempho lija, lomwe lidayamba pa 660,000, tsopano lili pa 210,000. Palibe chomwe mwaba, kungoti mapepala awiri okha akusowa. Langizo langa pa wogula wodzitengera yekha katundu: mulipiritseni chikole chofanana ndi msonkhowo, mudzambwezere akabweretsa mapepala.

Pali zogula zina zomwe lamulo limakaniza kubweza msonkho wake ngakhale invoisi ili bwinobwino. Zodziwika kwambiri ndi zosangalatsira makasitomala ndi galimoto zing'onozing'ono zonyamula anthu, kuphatikizapo chilichonse chomwe mwagulira pakhomo panu. Musaziikemo n'komwe, chifukwa woyendera akapeza chimodzi amayamba kukayikira fayilo yonse. Ndipo ngati kampani yanu ilinso ndi malonda osakhudzidwa ndi VAT, mwachitsanzo nyumba yogonamo yomwe mumachititsa lendi, msonkho wa zinthu zogwiritsidwa ntchito mbali zonse ziwiri umagawidwa. Malonda a VAT akakhala 80 pa 100 ya malonda onse, pa 60,000 wotere angakubwezereni 48,000 yokha.

Kapemphedwe kake sikovuta. Mumalemba fomu ya VAT ya nyengoyo pa nthawi yake, ngakhale simukulipira kanthu, chifukwa fomu yochedwa ili ndi chindapusa ndipo pempho lobweza siliyenda pamene mafomu ena akale sanaperekedwe. Kuchokera apo mayiko amasiyana. Kwina fomuyo payokha ndiyo pempho: ku Britain ndalama nthawi zambiri imabwera pasanathe masiku 30, ndipo ku South Africa lamulo limapereka masiku 21 ogwira ntchito, akadutsa apo popanda chifukwa chochokera kwa inu chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa. Kwina chotsalacho chimangosamutsidwira ku mwezi wotsatira kuti chichepetse zomwe mudzalipire, ndipo kuti mulandire ndalama yeniyeni mumalemba pempho lapadera, nthawi zina pakadutsa miyezi ingapo, ndi mndandanda wa ma invoisi onse. M'mayiko otere otumiza katundu kunja ndiwo amapatsidwa mpata woyamba, poti iwo msonkho wa pogula umakhala wochuluka mwezi ndi mwezi ndipo kusamutsako sikungawathandize. Funsani ofesi yanu ya misonkho kuti kwanuko njira ndi iti. Funsaninso malire a nthawi yoikira invoisi pa fomu, chifukwa amasiyana kwambiri: ku Kenya ndi miyezi 6 yokha, ku Britain ndi zaka 4.

Dziwaninso kuti asanakupatseni kanthu amayang'ana ngati muli ndi ngongole ina ya msonkho, kaya wa phindu la kampani kapena womwe mumadula pa malipiro a antchito. Ikapezeka amayamba aichotsa kaye pomwepo. Akaunti ya ku banki yomwe mudawapatsa ikhalenso ya kampani ndipo ikhale yogwira ntchito, apo ayi ndalama imavomerezedwa koma osafika.

Pa nkhani yanuyi ndingasiyanitse zinthu ziwiri. 450,000 ya makina ndi ya kamodzi kokha, ndipo ikanakhala yokhayo mukadatha kungoilola kuti ithe yokha pa mafomu a miyezi ikubwerayi. Koma chotsani makinawo muone: wa pogula utsala 810,000, wa pogulitsa akadali 600,000. Ndiye kuti malinga ngati katundu woposa theka akupita kunja, mwezi uliwonse muzikhala ndi chotsala cha pafupifupi 210,000 chomwe chikungounjikana. Chimenecho pemphani kuti akubwezereni, musachisiye. Koma musaiwerengere ndalamayo pogula matabwa a mwezi wamawa, chifukwa pempho loyamba limachedwa kaamba ka kuyendera mabuku. Sabata ino khalani pansi ndi wowerengera ndalama wanu, mutsegule ma invoisi a zogula imodziimodzi, ndipo ulendo uliwonse wa katundu wa kunja muupatse fayilo yakeyake yokhala ndi invoisi, chikalata cha pa kasitomu, pepala la wonyamula katundu ndi umboni wa ku banki. Chomwe chikusowa muchilondole pempho lisanapite.