Pampu ya pa Facebook ija, musanatumize theka

"Achimwene, ndaona pampu ya sola pa Facebook, mwiniwake akuti ali ku Limbe, akufuna nditumize theka kaye. Zithunzi zake nzokongola mpaka zikundikayikitsa. Ndingadziwe bwanji kuti sanazitole kwina?"

Mlongo wanga, funso lanuli landitokosola pachilonda. Ine chaka chatha chimanga cha kudimba kwathu ku Ngabu chinali chitayamba kufota, dzuwa la Okutobala mukulidziwa kuno kuchigwa, ndiye ndinaona pampu yabuluu itatsamira khoma la njerwa, mapanelo awiri pambali, mtengo wofewa, ndinatumiza theka tsiku lomwelo bamboyo atandilonjeza kuti aikweza minibasi yotsika Thabwa mawa lake. Ndinakhala pasiteji mpaka mdima. Foni yake osagwiranso.

Patapita sabata mphwanga anatenga foni yanga, nkulowetsa chithunzi chija mu Google Lens, chida cha Google chofufuzira komwe chithunzi chikupezekanso pa intaneti, ndipo chinatulukira pa tsamba la malonda la ku Kenya, khoma lomwelo, ndi kachidebe kofiira komwe kanali pakona komweko, kungoti bamboyo anadula m'munsi momwe munali dzina la sitolo. Zinandiwawa kuti zinangotenga mphindi ziwiri basi. Ndipo nditsindike, munthu wogulitsa ndi chithunzi cha pakhomo pa wina ine sindimumveranso zifukwa, kaya akuti kamera yake ndi yakufa.

Kachitidwe kake

Sungani chithunzicho mufoni, tsegulani apu ya Google, dinani kakamera kali pomwe mumalemba zofufuza, sankhani chithunzicho. Musatengeke ndi mapampu ofanana nayo, amenewo amabwera ambirimbiri, inu pitani pa "Exact matches" ngati palipo. Kenako chiyeseninso pa tineye.com, zotsatirazo muziyike pa "Oldest" muone komwe tsambali linayamba kuchipeza. Ngati ndi sikiriniishoti, dulani kaye zolembalemba za m'mbali chifukwa zimasokoneza. Yesani zithunzi zonse, osati chimodzi.

Koma zotsatirazo muziwerenge bwino. Pampu yojambulidwa poyera mbee ikapezeka pamasamba ambiri, chimenecho ndi chithunzi cha kampani yopanga, ngakhale ogulitsa achilungamo amachigwiritsa ntchito, sichikuuzani ngati katunduyo alipo. Choopsa ndi chooneka ngati chojambulidwa pakhomo koma chili pa malonda a munthu wina, dziko lina, chaka china. Komanso kukapanda kutuluka kanthu musati mwapulumuka ayi, zambiri za m'magulu a WhatsApp ndi magulu otseka a Facebook makinawa saziona, ndipo akuba amatolanso komweko.

Ndiye wogulitsayo muuzeni alembe dzina lanu ndi deti lalero papepala, aliyike pa pampupo ajambule, kapena muyimbirane pavidiyo ayitembenuze muone nambala yake. Akayamba zoti netiweki ikuvuta, pezani wachibale ku Blantyre akaigwire ndi manja ndalama isanachoke mu Mpamba mwanu.