Mawu a pachikuto cha pulogalamu ya maliro, pamene abale sapemphera kumodzi

"Amayi athu atisiya, tikawaika Loweruka ku Leopards Hill. Iwo anali Akatolika, achimwene anga ndi a Mboni za Yehova, mng'ono wanga anakwatiwa kwa Asilamu, azakhali ochokera ku Chipata ndi a RCZ. Ndilembe mawu otani pansi pa chithunzi kuti pasakhale wokhumudwa?"

Pepani kwambiri, amayi, Mulungu akulimbitseni mtima.

Chimene chimagawa anthu pamaliro ndi funso lakuti malemu ali kuti tsopano. Mukalemba kuti "Ali kumwamba ndi Ambuye," achimwene anu sangavomereze mumtima, chifukwa a Mboni amaphunzitsa kuti akufa sadziwa kanthu, akudikira kuuka. A Sabata nawonso amati akufa ali mtulo. Ngakhale mawu amene tinawazolowera aja, "Mzimu wawo uuse mumtendere," amaima pa chikhulupiriro chakuti mzimu umapitiriza kukhala moyo thupi likafa. Kwa Akatolika ndi pemphero lenileni, koma si onse angayankhe kuti amen. Ndiye pachikuto musanene za kumene apita. Nenani za mmene anakhalira, poti zimenezo aliyense anaziona ndi maso.

Khalani pansi ndi abale anu pa nyumba ya maliro, mufunsane kuti amayi ankadziwika ndi chiyani. Tinene kuti ankagulitsa ndiwo pa msika ku Matero, ndipo analera ana a abale awo. Wina anganene kuti, "Pakhomo pawo palibe anagona ndi njala." Basi, mawu ake ndi amenewo. Msilamu, Mkatolika ndi wa Mboni onse awerenga n'kugwedeza mutu kuti n'zoona. Ine ndimawakonda mawu otere kuposa ndakatulo yaitali, chifukwa munthu amene maso ake adzaza misozi sangathe kuwerenga mizere yambiri.

Ngati mukufuna mwambi, "Maliro n'kulirana" ndi wabwino kumapeto, pothokoza obwera. Koma "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe" musauike, ndi chenjezo, sutonthoza. Samalaninso ndi Yobu 1:21, pamene akuti Yehova anapatsa, Yehova watenga. Vesili ndi lolemekezeka, koma imfa ikakhala yadzidzidzi, ena amamva ngati akuuzidwa kuti asiye kulira.

Chikhulupiriro cha amayi anu musachibise ayi. Tsamba la Misa likhale la Chikatolika ndithu, ndi nyimbo za gulu lawo la amayi a kutchalitchi ngati analimo. Abale sadandaula ndi zimenezo, amadziwa kuti ndiko ankapemphera.

Musanapite kosindikiza, werengani mawuwo mokweza pamaso pa achimwene anu ndi azakhali. Wina akangokhala chete n'kuyang'ana pansi, mufunseni pambali. Ndipo mufunse wosindikiza akuonetseni pepala limodzi kaye, chifukwa ambiri ali ndi chikuto chokonzeratu chokhala ndi MHSRIP, chidule cha Chingerezi cha "Mzimu wawo uuse mumtendere" uja, amangosintha dzina ndi chithunzi.